Wojambula chinkhoswe chathu: manja ali nawo, koma anatiulula nthawi isanakwane

Ndiyambe ndi zokoma. Tatomerana! Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitali kwathu kwa Chinakanaka ku Mulanje, ankhoswe anasinthana nkhuku, mphete ili kuchala, ndipo ukwati ndi chaka chamawa anthu akakolola. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti anatijambula ndani. Ndi mnyamata uja wa situdiyo ya kuseri kwa msika, woyenda pa njinga yamoto. Dzina sinditchula, a kuno mukumudziwa. Mtengo ndi womwe uja amatchula kwa aliyense, K120,000 pa maulendo awiri, wa kumunda wa tiyi ndi wa tsiku la chinkhoswe, theka kulipiriratu pafoni.

Tsono chimene chandilembetsa ndi ichi. Zithunzi za ku tiyi tinajambulitsa msanga chifukwa timafuna chimodzi choti chikhale pa khadi loitanira anthu. Nthawi imeneyo amalume a mnzangayu anali atabwera kale kudzafunsira kwa atsibweni anga, koma yankho linali lisanaperekedwe. Mukudziwa mmene zimayendera: eni mbumba sayankha tsiku lomwelo. Amati tamva, pitani kaye tifunse mwanayo, timve maganizo a mayi ake ndi abale ena, kenako amatchula tsiku loti akuchimuna adzamve mawu. Pakati pamenepa nkhaniyo siyanu inu awiri, ndi ya akuluakulu. Tinamuuza wojambulayo momveka bwino kuti chithunzi chisatuluke mpaka ife titanena. Anavomera, mpaka kuseka, ati asisi musadandaule, izi timazidziwa.

Madzulo a tsiku lomwe anatijambulalo anatiika pa WhatsApp pake, titagwirana manja pakati pa tiyi, pansi atalemba mawu otifunira ukwati wabwino ndi nambala yake ya bizinesi. Mwana wa atsibweni ali ndi nambala ya wojambulayu. M'mawa mwake foni inali m'manja mwa bambo ake.

Anandiitanitsa. Ndinagwada pakhonde, iwo osandiyang'ana n'komwe. Anangoti, "Ngati mwakwatirana kale pafoni, ife mukutifuniranji? Wojambulayo ndiye akhale nkhoswe yanu." Amayi analira tsiku lonse, chifukwa kumpingo azimayi anali atayamba kale kuwafunsa kuti bwanji mwatibisira. Tsiku loti akuchimuna adzamve yankho litakwana, anthu aja ananyamuka ku Bvumbwe, kukwera minibasi, kudzafika n'kuuzidwa kuti mwini mbumba wapita kudimba. Sanapite kudimba kulikonse, anali m'nyumba. Anabwerera osamva kanthu, ndipo ulendo wachiwiri anachita kubwera ndi nkhuku yopepesera, ndalama yoyendera ikuchoka m'thumba la mnzangayu. Chinkhoswe chinasunthidwa ndi mwezi wathunthu.

Nditamuimbira wojambulayo, yankho lake ndi limene linandiwawa koposa. Ati zithunzi n'zake, ndipo umu ndi mmene amapezera makasitomala. Zake bwanji, nkhope ili yanga, ndalama ndalipira ine? Anachotsa chithunzicho, inde, koma anthu anali atachisunga kale m'mafoni mwawo n'kumatumizirana. Ndikanakhala kuti sindinapereke theka lija, bwenzi titasiyana pomwepo.

Koma chilungamo chinenedwe, ntchito yake amaidziwa. Ife timafuna kukajambulitsa masana titavala bwino, iye anakana. Anati dzuwa la 12 koloko limagwa pamutu, maso amalowa mumdima, ndipo munthu wakuda atavala malaya oyera, kamera ikasamala malayawo nkhope imada, ikasamala nkhope malaya amangoyera mbuu osaoneka ulusi. Anatiuza kuti tifike cha m'ma 4 koloko madzulo. Anasankha mbali yoyang'ana ku Chambe, nsonga ina ya phiri la Mulanje, chifukwa thanthwe lija limayang'ana kumadzulo, ndiye dzuwa likapendeka limawala bwino kumbuyo kwathu pamene kuwala komweko kukutifika kumaso. Tsiku loyamba limene tinapangana kunagwa chiperoni, phiri lonse osaoneka. Anatiimbira yekha m'mawa kuti tisavutike kubwera, ndipo sanatilipiritse kanthu posintha tsiku. Amene mukufuna phiri lioneke pa chithunzi miyezi yozizira ino, mufunse zimenezi musanalipire, ena amati tsiku lapita lapita. Ndiponso minda ya tiyi ili ndi eni ake, sumangolowa. Iye anali atapempha kale chilolezo, alonda sanativute.

Pa tsiku la chinkhoswe ndinali ndidakali naye chakukhosi. Anafika m'mawa anthu asanasonkhane, ndipo asanatulutse kamera anapita kwa atsibweni, n'kunjuta pansi, n'kupepesa yekha. Palibe anamutuma. Atsibweni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe ndiwe nkhoswe ija?" Anthu onse anafa nacho chikhakhali, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndipo mwambo amaudziwa, chimene ojambula ambiri achinyamata alibe. Ena amangothamangira keke ndi madiresi. Uyu ankadziwa chimene chikubwera chisanachitike. Pamene atsikana tinatuluka titafunditsidwa zitenje kuti akuchimuna asankhe wawo, iye anaima kumene akanaona nkhope ya mnzangayu, ndiye anamugwira bwinobwino atavundukula msuweni wanga m'malo mwa ine, pakamwa pali yasa, azakhali ake akusanthula m'chikwama ndalama ya chindapusa. Posinthana nkhuku anagwada pansi kuti tambala wa akuchimuna ndi msoti wa kwathu zioneke pamodzi ndi manja a ankhoswe onse. Khasu ndi nkhwangwa za mnzangayu, lichero, mthiko ndi chipande zanga, chilichonse anachijambula chikuperekedwa, osati chitaunjikidwa pamkeka. Pa perekaniperekani sanatchinge anthu ovina. Chithunzi chimene ndimachikonda koposa si cha ife awiri ayi, ndi cha atsibweni omwe aja atakumbatira tambala, akuseka mpaka chipewa kupendekeka.

Dandaulo lina laling'ono: pa zithunzi zoyamba anandiyeretsa khungu pakompyuta mpaka agogo anafunsa kuti mtsikanayu ndi wa kwa yani. Nkhope inayera, khosi ndi manja zili zakuda, ndi mmene mungadziwire kuti chithunzi chaseweretsedwa. Nditakana anabweza mtundu wanga osatsutsa. Mumuuzenso akutumizireni ngati `Document`, chifukwa akatumiza mwachizolowezi WhatsApp imachepetsa chithunzi, ndipo mukakachitsukitsa chachikulu cha pakhoma chimatuluka chosaoneka bwino.

Kodi ndingamutengenso pa ukwati? Mnzangayu akuti ayi, ndalama ya minibasi ija ikumuwawabe. Ine ndikuti mwina, koma tidzalemberana papepala kuti palibe chithunzi chotuluka popanda mawu athu, ndipo theka lomaliza adzalandira zonse zikadzafika m'manja mwathu. Felemu yaikulu imene anatilonjeza ngati chipepeso sitinaionebe, akuti galasi likuchokera ku Limbe.