Kampando ka mwana ka m'galimoto ka pakaunjika: mmene kakhalira kufikira lero

Kampando aka ndidagula ku Limbe mwana asanabadwe, kopanda katoni, kopanda buku, dzina la kampani litafufutika. Tsopano mwana akukwawa, ndipo ndinganene kuti kanditumikira bwino. Koma chomwe ndikufuna amayi anzanga mumve ndi chakuti kampando kotere kamadziwika ndi kapangidwe kake, ndipo kapangidweko ndiko kamakuuzani ngati kakuyenera mwana wanu ndi galimoto yanu.

Poyamba katembenuzeni. Kunsi kwa kanga kuli kapepala komata ka mtundu wa olenji, kolembedwa ECE R44/04, kenaka 0-13 kg, ndi chilembo E chokhala ndi nambala 4 mkati mwa kamzere kozungulira. Kapepalako kakutanthauza kuti kampando kadavomerezedwa pa malamulo a ku Ulaya. Nambalayo ndi dziko lomwe lidavomereza: 1 ndi Germany, 4 ndi Netherlands, 11 ndi Britain. Tatsopano timalembedwa R129, ndipo timatchula msinkhu wa mwana m'masentimita. Ta ku America tilibe kapepala ka olenji, ndipo mudzatizindikira ndi kachomangira kapachifuwa kolumikiza malamba awiri a m'mapewa. Kanga kalibe, ndipo sikuti kadatayika ayi, ndi mmene kadapangidwira.

Chomwe chidandithandiza kwambiri ndi mitundu. Kampandoka kali ndi timipata titatu ta buluu, tiwiri m'mbali cha kumiyendo ndi kamodzi kumsana. Pa mipando ya R44, buluu amasonyeza njira ya lamba wa galimoto pamene mwana wayang'ana kumbuyo, pomwe kufiira ndi njira ya lamba pamene wayang'ana kutsogolo. Poti kanga kalibe pofiira paliponse, komanso kali ndi chogwirira chonyamulira, ndi ka khanda ndipo sikayang'ana kutsogolo ngakhale tsiku limodzi. Lamba wa m'chiuno amadutsa pa timipata tiwiri tija pamwamba pa miyendo ya mwana, wa paphewa nkuzungulira kumsana kwa kampando. Mu Vitz yathu lambayo amakwana, koma amatha yense. M'galimoto ya achimwene, pampando wapakati pali lamba wa m'chiuno yekha, ndiye pamenepo sikamangika. Kutsogolo nako sindikaika, chifukwa chikwama cha mpweya chikaphulika pa ngozi chimamenya kumsana kwa kampando, pomwe pali mutu wa mwana.

Mukaona timikono tiwiri tachitsulo titatuluka kunsi, ndiye kuti ndi ka ISOFIX, kutanthauza kampando kokolekedwa ku tizitsulo ta mpando wa galimoto. Musalipire musanapise dzanja pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo wa galimoto yanu. Ngati mulibe tizitsulo tiwiri tokolapo, timikonoto tilibe pogwira, ndipo magalimoto ena akale ochokera ku Japan alibe.

Nanga kakhala bwanji m'miyezi yonseyi? Nsalu yasuluka ndi dzuwa, zomwe sizindidetsa nkhawa. Loko wa pakati pa miyendo adayamba kulimba chifukwa cha fumbi ndi phala, osalira bwino pomanga. Ndidamutsuka ndi madzi ofunda okha, osathira mafuta, ndipo adabwerera. Malamba ndimangopukuta ndi kansalu konyowa, pakuti mankhwala oyeretsera zovala amafooketsa ulusi wake. Mu Okutobala chitsulo cha loko chimatentha moti chingaotche ntchafu ya mwana, choncho tikaimika galimoto ndimafunditsa kampando chitenje. Nthawi zonse ndikachapa nsalu ndimayang'ana choyera chopepuka chomwe chili mkati cha kumutu, chonga chotetezera TV m'katoni. Ndicho chimalandira mphamvu ya kugunda. Changa n'chathunthu, ndipo chikadzang'aluka kampando katha ntchito.

Pali chimodzi chomwe kapangidwe sikangakuuzeni, ndipo chimandivutitsa maganizo mpaka pano: ngati kampando kadakhalapo pa ngozi. Chaka chomwe kadapangidwa ndidachipeza pa kawotchi kodindidwa m'pulasitiki, kokhala ndi muvi woloza mwezi, ndipo sikanali kakale. Sindidaonepo mizere yoyererako pomwe pulasitiki idapindikapo. Komabe mng'alu wina suoneka ndi maso. N'chifukwa chake amene ali ndi mbale woti amupatse kampando kodziwika mbiri yake, atenge komweko.

Tsopano katsala pang'ono kutichepera, ngakhale mwana sanafike makilogalamu 13. Malamba a m'mapewa ali pa bowo lomaliza, ndipo pakati pa mutu wake ndi mapeto a kampando patsala malo a zala zitatu. Miyendo kugunda potsamira si vuto, koma mutu ukangofika m'mapeto ndisintha. Kotsatira ndikufuna kokhala ndi timipata ta buluu ndi tofiira pamodzi, kuti apitirize kuyang'ana kumbuyo kaye.