Sikirini yosinthidwa yotchipa patatha miyezi 8: chaja, galasi loteteza, kenako tachi yeniyeniyo

Foni yomwe tikuikamba ndi ya Android, ya sikirini ya LCD ya mainchesi 6.5. Sikirini yake yoyamba inasweka, ndipo inaikidwa ina yosakhala ya kufakitale, yamtundu umene tachi ndi chionetsero zimabwera zomatana kale. Inamatidwa pa fulemu yakale ndi guluu wa B-7000, pamwamba n'kuikapo galasi loteteza la mamilimita 0.33. Miyezi iwiri yoyamba panalibe chodandaula, kupatula kuti kuwala kwake kunali kochepako padzuwa. Mavuto anabwera katatu, ndipo ngakhale onse ankaoneka ngati matenda amodzi, gwero lake linali losiyana nthawi iliyonse.

Kuti zimveke, tachi ya foni zamasiku ano simva kukanikiza. Pansi pa galasi pali timizere ta magetsi tosaoneka ndi maso, tina topingasa, tina toimirira, tolukana ngati ukonde. Chala chikafika pafupi chimasintha pang'ono mphamvu ya magetsi pamene timizereto tikudutsana, ndipo kachipangizo koyang'anira tachi kamawerenga kusinthako. Chilichonse chimene chingasokoneze magetsi ochepawa, kaya madzi, chaja, kapena kamzere koduka, foni imachiona ngati chala.

Vuto loyamba linadza mwezi wachitatu. Foni ikakhala pa chaja, kiyibodi inkalemba zilembo ziwiri m'malo mwa chimodzi, nthawi zina n'kutsegula mapulogalamu yokha. Ikachotsedwa pa chaja, zonse zinkaleka nthawi yomweyo. Chizindikiro chimenecho chokha n'chokwanira: sikirini yowonongeka siyembekezera chaja kuti ipenge. Machaja osapangidwa bwino amatulutsa magetsi osasefeka, ndipo phokoso la magetsilo limadutsa mu kebulo kufika pa tachi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sinthani mutu wa chaja, kebulo mukhale nayo yomweyo. Kenako sinthani kebulo. Pomaliza yesani pa pawabanki. Apa mutu wina unathetsa vutolo. Komabe sikirini sitingaikhululukire kotheratu, chifukwa chaja yomweyo sinkavutitsa sikirini yoyamba. Zotchipazi nthawi zambiri sizitha kusefa phokosolo ngati za kufakitale.

Mwezi wachisanu tachi inayamba kukana m'mphepete mwa kumanja, makamaka pa zilembo p ndi l. Galasi loteteza linali ndi kamng'alu pakona, ndipo m'mbali munali mutayera, kusonyeza kuti guluu wake waleka kugwira ndipo mwalowa mpweya ndi fumbi. Mpweya umenewo, ngakhale ndi wochepa, umatalikitsa chala ndi timizere tija. Magalasi omata m'mphepete mokha, aja a mkombero wakuda opanda guluu pakati, ndiwo amavuta kwambiri pa zimenezi. Ogula asankhe omata paliponse. Galasilo linachotsedwa poyambira pakona ndi kakhadi ka pulasitiki, sikirini n'kupukutidwa ndi mankhwala otsukira a isopropilo wa 70% pa kansalu kofewa, ndipo foni inagwiritsidwa ntchito masiku awiri yopanda galasi musanaikidwe lina. Masiku awiriwo ndi ofunika, chifukwa ukafulumira kumata latsopano sudziwa ngati lakale ndilo linali ndi mlandu. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi Touch sensitivity pansi pa Display, yomwe imathandiza galasi likakhala lochindikala, koma pa foni imene ikudzikhudza yokha musaiyatse, imangowonjezera misala.

Lachitatu ndilo lalikulu. Mwezi wachisanu ndi chiwiri foni inayamba kudzikhudza yokha ili patebulo, yopanda chaja, sikirini youma. Apa m'pamene kuyerekeza kumathera, pamafunika kuona ndi maso zimene tachi ikuwerenga. Lowani mu Settings, About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri, kenako mu Developer options yatsani Pointer location. Kukhudza kulikonse kumasiya mzere pa sikirini, ndipo pamwamba pamaoneka manambala a X ndi Y. Pa mafoni ambiri a Samsung mungathenso kulemba izi poimbira foni n'kusankha Touch:

```
*#0*#
```

Foniyi inasiyidwa patebulo mphindi zisanu osaikhudza. Timadontho tinayamba kutuluka tokha, koma osati paliponse: tonse tinali pa mzere umodzi woimirira, pafupifupi sentimita imodzi kuchokera kumanja. Nambala ya X sinkasintha kwenikweni, Y ndiyo inkadumphadumpha. Kenako chala chinakokedwa pang'onopang'ono mopingasa, malo asanu osiyana kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo mzere uliwonse unaduka pa X yemweyo n'kupitiriranso kutsogolo kwake.

Kaonekedwe kameneka kamanena zambiri. Madontho omwazikana paliponse amaloza ku chinyontho, chaja, kapena riboni, kebulo yopyapyala ya sikirini, yosalumikizika bwino pa bodi ya foni. Malo amodzi ozungulira amene amavuta foni ikatentha kapena ikapanikizidwa amaloza ku chinthu chokankha kuchokera mkati, monga batire yofufuma. Koma kamzere kowongoka, kofa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi njira imodzi ya dijitaiza, ukonde wa timizere uja, imene yaduka kapena ikugunda modukizadukiza. Kuti pulogalamu isanamiziridwe, foni inayatsidwa mu Safe mode, momwe mapulogalamu oika nokha sagwira ntchito, ndipo madontho anapitirira pamalo omwewo. Kufufuta foni yonse pa vuto lotere n'kungotaya zithunzi zanu pachabe.

Foni itatsegulidwa, batire inayamba yachotsedwa pa bodi, monga zimafunikira musanakhudze riboni ya sikirini. Batireyo inali yosafufuma. Riboni inamasulidwa, polumikizira pake n'kutsukidwa ndi isopropilo wa 99%, n'kubwezeretsedwa mpaka kumveka kuti yalowa. Palibe chinasintha. Chifukwa chenicheni chinaoneka sikirini itatenthetsedwa pa madigiri 80 n'kuchotsedwa. Fulemu yakale inali yopindika pang'ono pakona yakumanja yapansi, pomwe foni inagwera poyamba paja, ndipo panatsala kachibulumwa ka guluu wakale kosapalidwa. Sikirini yatsopano inakhala miyezi yonseyi itatsamira pa kachibulumwako, ndipo kukhala pansi foni ili m'thumba lakumbuyo kunkaipinda pang'onopang'ono mpaka njira za m'mphepetezo zinagonja. Mwina ngakhale galasi lomwe linamatuka mwezi wachisanu lija linkasonyeza zomwezi, popeza linayambira mbali yomweyo.

Njira yoduka mkati mwa sikirini yomatana siilumikizika, ndipo pa sikirini zotere tachi siisinthidwa payokha. Mapulogalamu amene amati amakonza tachi alibe chomwe angachite pa waya woduka. Chotsala n'kusintha sikirini yonse.

Ndiye sikirini yotchipayi tiiweruze bwanji? Pa mavuto atatuwa, limodzi lokha, la chaja, ndilo likusonyeza kufooka kwake. Lomwe linaipha linachokera pa kamatidwe. Ngati foni inagwa mpaka kona kuphwanyika, gulani sikirini yobwera ndi fulemu yake. Imakwererako mtengo koma imakhala pamalo osalala omatidwa kale. Ngati mukumata pa fulemu yakale, palani guluu yense mpaka chitsulo kapena pulasitiki aoneke, ikani sikirini osathira guluu muone ngati ikugwedera pakona iliyonse, ndipo yesani Pointer location riboni italumikizidwa musanamate. Guluu akhale kamzere kamodzi kopyapyala, zopanira zikhale zofewa, ndipo foni isalowe m'thumba maola 24 asanathe.

Sikirini imene inaikidwa m'malo mwake, yobwera ndi fulemu, yatha mwezi umodzi. Mizere isanu yopingasa ija ikutuluka yonse yosaduka, pa chaja ndiponso popanda chaja, koma mwezi umodzi ndi wochepa poganizira kuti yotchipa ija inafika wachitatu isanaonetse kanthu.