Kuluka amakutha, koma poliyesita ya makilogalamu 27 pa mkono wodwala ayi

Ndemangayi ikunena za bambo aja amabwera ndi makina olukira maraketi kumabwalo a tenisi a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Mtengo wawo, ukawonjezera zingwe zawo, umakwera ndithu, komabe umaposa kutumiza raketi ku Blantyre pa minibasi n'kumadikira sabata.

Chandikwiyitsa ndi zimene anachitira mmodzi wa osewera a m'kalabu yathu, bambo wa zaka za m'ma 40 amene chigongono chake chimavuta. Ululu wake ndi uja wodziwika: pa kafupa ka kunja kwa chigongono, pamene pamamatirira mtsempha wa minofu yotukula dzanja. Munthu wotere amamva kupweteka pomenya bakihandi ya dzanja limodzi, popereka moni wa pamanja, ngakhale ponyamula ketulo. Olukawo anauzidwa zonsezi, ndipo pempho linali lomveka: zingwe zofewa, zokokedwa pa makilogalamu 22. Raketi inabwera ili ndi poliyesita yokhayokha, yokokedwa pa makilogalamu 27, omwe ndi mapaundi pafupifupi 60. Atafunsidwa anayankha kuti, "Achimwene, izi ndiye sizidukaduka, akatswiri onse amaseweretsa zomwezi." Pa seti yachiwiri mwini raketi anali atakhala kale pa benchi, atagwira chigongono.

Yankho limenelo ndi lolakwika pawiri. Poliyesita ndi chingwe cha ulusi umodzi wolimba, chosatamuka kwenikweni. Mpira ukagunda, umakhala pa zingwe kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi, ndipo ngati zingwezo sizikulowa mkati, kugunda konseko kumabwera mwadzidzidzi, kudutsa m'chogwirira mpaka pa mtsempha wodwala uja. Akatswiri amazikonda chifukwa amamenya mwaliwiro, mpira n'kumazungulira, komanso amadula zingwe n'kuluka zatsopano pafupipafupi. Wosewera wa m'kalabu amakhala nazo miyezi chifukwa sizinaduke, chikhalirecho poliyesita imafa msanga: pakatha maola 10 mpaka 20 akusewera imakhala itataya mphamvu yake yobwerera, ndipo imamveka ngati thabwa. Kusaduka kumene amanyadira bambowa ndi kumene kumapweteketsa anthu. Ndiye kuikokanso pa 27, mapeto enieni a malire amene amalembedwa pakhosi pa maraketi ambiri, a makilogalamu 23 mpaka 27, ndi kuwonjezera vuto pa vuto linzake. Ngakhale kwa munthu wa mkono wabwinobwino, poliyesita imayenera kukokedwa motsika ndi makilogalamu awiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi nayiloni.

Musanalipire mutha kudziwa chimene akulukirani. Poliyesita imaoneka ngati waya wapulasitiki wosalala, ndipo mukaikankha ndi chala imakana. Mukamenya zingwe ndi chikhatho, zolimba kwambiri zimalira mokweza, zofewa zimalira motsika. Kamphira kaja amaika pakati pa zingwe kasakunyengeni: kamangochepetsa phokoso, kugunda kofika pa chigongono sikachotsa. Bambowa anakapereka kaulere ngati mankhwala, ndipo zinandiwawa kuona munthu wodwala akuthokoza.

Raketi yomweyo anagulitsa ndi iwonso, amvekere "yopepuka, yabwino kwa mkono wopweteka". Ili ndi magalamu 265 yopanda zingwe, ndipo kuuma kwa felemu yake, nambala ija amalemba kuti RA, ndi 70. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa zimamveka zanzeru kuti mkono wodwala upatsidwe chinthu chopepuka. Koma mpira wa tenisi umalemera magalamu pafupifupi 58 ndipo umabwera mwaliwiro. Raketi yopepuka imakankhidwa n'kupotoka m'manja, makamaka mpira ukagunda pambali, ndiye munthu amafinya chogwirira kuti isapotoke, ndipo minofu imene ikufinyayo ndi yomwe ija yodwala. Komanso opanga maraketi opepuka amaumitsa felemu ndi kuika kulemera kumutu kuti mphamvu isasowe. Yoyenera munthu ngati uyu ndi ya magalamu 290 mpaka 305 yopanda zingwe, ya RA 64 kapena kutsika, kulemera kwake kutsamire ku chogwirira. Kupyola 315 si nzerunso kwa munthu wosewera kawiri pa sabata, chifukwa phewa limatopa, amayamba kuchedwa kukumana ndi mpira, ndipo bakihandi yochedwa imamenyedwa ndi dzanja lopindika, lomwe limakoka mtsempha womwewo.

Pano ndiyenera kunena chilungamo. Raketi itabwezedwa, sanakangane. Anadula zingwe zonse, kuyambira pakati kupita kunja monga zimafunikira kuti felemu isapindike, n'kuluka malutifilamenti, zija za timaulusi tambirimbiri, zonenepa mamilimita 1.30, pa makilogalamu 22. Analipiritsa zingwe zokha, ntchito ayi. Ndipo kaluso kawo m'manja kalipo: palibe pamene analumpha chingwe, mfundo zake n'zaudongo, ndi timachubu tiwiri tong'ambika ta m'mabowo anasintha osauzidwa. Pa kulemera anachitanso bwino. Raketi ili ndi zingwe inali magalamu 282 pa sikelo ya kukhitchini, ndipo poiika pa rula inkakhazikika pa masentimita 35 kuchokera kumapeto a chogwirira. Anamata magalamu 15 a tepi ya mtovu kunsi kwa nsalu ya chogwirira, chakumapeto, n'kufika 297, malo okhazikika n'kutsikira pafupi ndi 34. Nsalu yapamwamba imene anawonjezera inakonzanso chogwirira chomwe chinali chaching'ono: tsopano akagwira, chala cholozera cha dzanja linalo chimalowa pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho. Zimenezi zathandiza, koma mtovu sufewetsa felemu youma, ndiye raketi ina idzafunikabe.

Zingwe zofewa zili ndi zovuta zake zimene bambowa akanafunika kuzinena. Pa 22 mpira umapita patali pang'ono, ndipo masiku oyamba ina imatuluka kunja kwa mzere. Musathamangire kubwerera ku 27. Ngati patatha masabata awiri zikuvutabe, kwezani kilogalamu imodzi yokha pa kuluka kotsatira. Malutifilamenti imachita ubweya n'kuduka msanga, makamaka pa mabwalo athu a simenti pamene mchenga wa kunyanja umamatirira ku mpira. Dzuwa la kuno la Okutobala ndi Novembala nalo limatamula zingwe, moti raketi yosiyidwa m'galimoto masana pa Boma imatha kutaya kulimba kwake tsiku limodzi. Zingwe zija za matumbo a ng'ombe ndiye zofewa kuposa zonse, koma n'zodula ndipo chinyezi cha dzinja sizigwirizana nacho. Ndipo palibe zingwe zimene zingachiritse mtsempha wovulala kale: wosewera wathuyu anapuma kaye, akuchita zolimbitsa mkono zimene anamuuza a fiziyo kuchipatala, ndipo wabwerera pang'onopang'ono.

Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Raketi apatseni, koma upangiri wa mkono musawafunse. Lembani papepala mtundu wa zingwe ndi nambala yake, mumate pa chogwirira, ndipo nenani kuti ndi makilogalamu kapena mapaundi, chifukwa makina awo amawerenga mapaundi: 22 yanu ndi 48 kapena 49 pa makinawo. Ngati chigongono chanu chinayamba chavutapo, imani pomwepo mpaka muone paketi ya zingwe akuitsegula.