Musanaboole khoma la eni ake kuno ku Joni

Kwathu ku Ndirande mumangouza alandilodi pakamwa kuti mukufuna kupaka penti, iwo n'kuvomera, mwinanso n'kuchotsera pa lendi. Kuno ku Joni mawu apakamwa sakuthandizani tsiku lotuluka. Chimene mwamangirira kukhoma chimatha kusanduka cha mwini nyumba, ndipo dzenje lililonse limene mwaboola amalidula pa dipoziti.

Mlamu wanga amakhala ku Rosettenville, chipinda chapansi, mawindo oyang'ana kumsewu. Akuba atathyola kwa oyandikana naye, anaganiza zoika zitsulo zotchinga mawindo. Tinakhala pansi n'kulembera alandilodi ake uthenga wa pa WhatsApp, m'Chingerezi, koma mfundo zake zinali izi:

"Bwana, ndikupempha chilolezo choika zitsulo pa mawindo awiri a kumsewu, mkati, zomanga ndi mabawuti osati zowotcherera pa felemu. Ndilipira ndekha. Ndikufunanso kupaka khoma la kuchipinda penti yoyera. Potuluka, mukafuna ndidzachotsa zitsulozo, kumata maenje ndi kubwezera mtundu wa penti umene ndinaupeza. Mukafuna zitsale, tigwirizane lero ngati mudzandibwezereko ndalama. Zithunzi za mmene khoma lilili ndi izi. Chonde ndiyankheni polemba."

Mtima wa uthengawu uli pa lonjezo lobwezera nyumba mwakale. Mukangoti "ndidzaikonza monga ndinaipezera" osatumiza zithunzi, mwadzimanga nokha, chifukwa khoma limene munalipeza lothimbirira adzalikumbukira ngati loyera mbee. Funsani dzina la penti yakaleyo, poti zoyera zilipo zamitundumitundu, ndipo chigamba chimaonekera patali. Penti yakuda kapena yofiira ipeweni, imafuna kupaka kangapo kuti ibisike. Mabawuti nawo tinawatchula dala: zowotcherera pozichotsa zimawononga felemu, nthawi zina n'kuswa galasi. Pawindo limodzi pakhale chitsulo chotsegula ndi kiyi, moto ukabuka mupeze potulukira.

Alandilodi anayankha kuti zitsulo zitsale, adzabweza theka la mtengo wake, koma penti ayi. Mlamu anasunga yankholo.

Lamulo la nyumba za lendi la mu 1999 limati inu ndi mwini nyumba muyendere nyumbayo limodzi polowa, komanso m'masiku atatu omaliza pangano lisanathe. Ngati palibe chowonongeka, dipoziti ndi chiwongoladzanja chake zibwezedwe m'masiku 7. Akadula molakwika, m'chigawo chilichonse muli bwalo lomva madandaulo a za lendi mwaulere, ndipo kumeneko uthenga uja ndi zithunzi ndiwo umboni wanu.

Okhala m'mafulati, dziwani kuti alandilodi okha sakwanira pa zooneka kunja. Komiti ya eni mafulati iyenera kuvomereza kaye mtundu ndi kaonekedwe ka zitsulozo polemba, choncho wowotcherera musamupatse ndalama yankho lawo lisanabwere.