Kabokosi kojambulira gemu: miyezi 8 chikagulireni

"Alamu, kabokosi kanu kaja kadakali moyo? Nane ndikufuna ndigule, koma ndikuopa kuti chithunzi chizichedwa pa tivi."

Kali moyo, alamu, ndipo za kuchedwazo musade nazo nkhawa. Chingwe chochoka ku PS5 chimalowa pa HDMI IN, china chimatuluka pa HDMI OUT kupita ku tivi, pomwe cha USB chimapita ku laputopu. Chithunzi cha pa tivi sichidutsa mu laputopu ayi, n'chifukwa chake ukadina batani, wosewera amamenya mpira nthawi yomweyo. Chochedwa ndi cha mu OBS, pulogalamu yojambulira ya pa laputopu. Tsiku lina ana atalanda tivi ndidayesa kusewera ndikuyang'ana pa laputopu, ndidagoletsedwa zigoli zinayi ndi mwana wa aneba kuno ku Mufakose.

Chimene wogulitsa m'tauni muja sadandiuze n'chakuti kabokosika kamadya moto wa pa USB. Laputopu ikazima, tivi nayo imada bii, ngakhale usakujambula kanthu. Magetsi akathima ife timayendera inivata, ndiye kuyatsa laputopu pongofuna kusewera kunali kutha batire pachabe. Pano ndikafuna kungosewera, chingwe cha USB ndimachilowetsa pa chaja ya foni, chithunzi n'kumadutsa bwinobwino. Kanga kamalola zimenezi. Inu kayeseni m'sitolo momwemo musanatulutse ndalama.

Chidandizunguza mutu kwambiri chidachitika mwezi wachinayi. Pa tivi zonse zili mbee, koma zojambulidwa zikutuluka ndi timabokosi pa udzu wa m'bwalo, mpira ukathamanga n'kumadukizadukiza. Ndidagula chingwe china cha HDMI, osasintha kanthu. Kani mayi a kunyumba pokolopa adazula zingwe, ine pobwezera n'kulowetsa pa bowo lakuda la USB 2.0 m'malo mwa labuluu la USB 3.0. Lakudalo limanyamula mamegabiti 480 okha pa sekondi, pomwe chithunzi cha 1080 chosafinya, cha mafulemu 60 pa sekondi, chimafuna pafupifupi 2,000. Tsono kabokosi kamayamba kachifinya kuti chikwane. Kuzindikira kwake n'kosavuta: mu OBS tsegulani Properties, muone pa Video Format. Mukapeza MJPEG yofinya yokha, YUY2 yosafinya palibe kapena ikukana mafulemu 60, yambani mwakayikira bowo. Labuluulo ndidaliika chizindikiro ndi utoto wa zikhadabo.

Tsiku loyamba mukaona mdima mu OBS, si kuti mwagula chakufa. Pa PS5 lowani Settings > System > HDMI, muzimitse Enable HDCP, imene imatsekereza kujambula. Kungoti ikazima, Netflix ya pa PS5 imakana kutseguka, ndiye kwathu filimu timaonera pa tivi penipenipo.

Tivi yanu ija ndi ya 4K, yanga si choncho. Pa katoni musangowerenga za kujambula, onaninso zimene kamadutsitsa kupita ku tivi, chifukwa PS5 imamvera kabokosi, osati tivi. Kakakhala kodutsitsa 1080 yokha, 4K yanuyo mwaitaya nthawi yonse kali pakatipo.