Ndemanga: maifai ya 4G yosakhomedwa, ndi mmene imathandizira kupeza pamene intaneti yafera

Nyenyezi 4 mwa 5. Kachipangizoka ndi karauta kam'thumba kolowa simukhadi imodzi, kali ndi batire yochotseka, ndipo kamagawa waifai ya 2.4 GHz ku zipangizo zofika khumi. Liwiro lake ndi lapakatikati, silodabwitsa. Chimene ndakapatsira nyenyezi zinayi n'chakuti n'kosakhomedwa, kamalandira simu ya kampani iliyonse. Intaneti ikaduka, maifai yotere pamodzi ndi foni imodzi yapadera zimakuuzani m'mphindi khumi ngati vuto lili pa chipangizo chimodzi, pa netiweki ya m'nyumba mwanu, kapena kwa kampani yonse. Ogulitsa sanena zimenezi, koma phindu lake lalikulu lagona pamenepa.

Poyesa muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ambiri amazimitsa laputopu, kuzimitsa maifai, kutulutsa simu ndi kugulanso bandulo zonse pakamodzi. Intaneti ikabwera sadziwa chimene chinachiza, ndiye mawa vuto likabweranso amayambira pomwe paja.

Tiyerekeze kuti laputopu yalumikizidwa ku maifai koma masamba sakutseguka. Tengani foni, ilumikizeni ku waifai yomweyo, ndipo muzimitse data ya foniyo kaye. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika: mafoni ambiri akaona kuti waifai ilibe intaneti amabwerera okha ku data ya simu yawo osakuuzani, inu n'kumati maifai ili bwino pomwe foni sikudutsira m'menemo. Musayesenso ndi WhatsApp kapena Facebook, chifukwa mabandulo ena amangolola zimenezo, ndiye uthenga umapita ngakhale bandulo ya intaneti wamba itatha. Tsegulani tsamba limene simunalitsegule tsikulo, poti lomwe mudatsegula kale foni ikhoza kungokuonetsani zimene inasunga.

Foni ikatsegula, maifai ndi kampani zilibe mlandu; vuto lili pa laputopu. Pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe izi, umodzi umodzi:

```
ping 192.168.8.1
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Nambala yoyambayo ndi adiresi ya maifai yeniyeniyo. Pa yomwe ndikuinenayi ndi 192.168.8.1, zina zimakhala 192.168.0.1, ndipo kawirikawiri imalembedwa pa kapepala ka mkati mwa chivundikiro kapena kunsi kwa batire. Mzere woyamba ukalephera, laputopu sikulankhula n'komwe ndi maifai: iwalitsani netiwekiyo pa laputopu, mulowenso ndi pasiwedi. Woyamba ndi wachiwiri ukayankha koma wachitatu n'kukana, msewu wopita kunja ulipo, chomwe chafa ndi DNS, yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Ikani 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ngati DNS ya laputopu. Yonse itatu ikayankha koma masamba akukanabe, onani tsiku ndi nthawi pa laputopu, poti zikasokonekera masamba otetezedwa amakana, muonenso ngati pali VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti yanu njira ina, yomwe inasiyidwa yoyaka.

Nanga foni ndi laputopu zonse zikakanika? Zipangizo ziwiri siziwonongeka mphindi imodzi, choncho diso lipite pa maifai ndi simu yake. Apa ndi pomwe ndachotsera nyenyezi imodzi. Kachipangizoka kalibe sikirini, kamangoyatsa timagetsi, ndipo kofiira kamayaka pa zifukwa zingapo zosiyana: simu sinakhale bwino, simu ikufuna PIN, kapena netiweki palibe. Kuti mudziwe chenicheni muyenera kulemba adiresi ija pa foni n'kutsegula tsamba la maifai. Tsambalo limatseguka ngakhale intaneti palibe, ndipo limaonetsa ngati simu yawerengedwa, mphamvu ya netiweki, ndi APN imene ikugwiritsidwa ntchito, lomwe ndi dzina la khomo limene simu imalowera pa intaneti ya kampani yake. Onaninso bandulo musanapitirire. Maifai ilibe mabatani oimbira, ndiye mauthenga ochokera ku kampani onena kuti bandulo yatha amangounjikana pa tsamba lomwelo osawerengedwa.

Kenako zimitsani maifai, tulutsani simu muiike mu foni. Simu ili kunsi kwa batire, ndiye palibe kuchitira mwina koma kuzimitsa. Malo ake ndi a simu yokulirapo, pomwe mafoni amakono amafuna kakang'ono kwambiri kaja, kotero mumafunika kafulemu kokulitsira. Samalani nako: kafulemu kopanda simu kakalowetsedwa kokha kamakola timawaya ta mkati, pokakoka n'kutithyola, maifai n'kuthera pomwepo.

Simu ikagwira mu foni, musathamangire kunena kuti maifai yafa. Yang'anani pamwamba pa foni ngati palembedwa 4G, kapena H+, 3G kaya E. Foni imatsika yokha kupita ku 3G pamene 4G yasowa, pomwe maifai yoikidwa pa 4G yokha imangokhala duu. Zikatero vuto ndi 4G ya nsanja ya m'dera lanu, ndipo mankhwala ake ndi kusintha Network Mode ya maifai kukhala Auto. Koma ngati foni ikuonetsa 4G pamalo omwewo ndipo masamba akutseguka, ndiye maifai ndiyo yolakwa. Kawirikawiri imakhala APN ya kampani ina yomwe inatsalira mutasintha simu, kapena kutentha. Ikakhala pa chaja usana ndi usiku imatentha kwambiri n'kuyamba kudukiza, ndipo batire ikatupa mpaka chivundikiro osatsekeka bwino, isintheni msanga.

Simu ikakana ngakhale mu foni, mwatsala ndi mafunso awiri, ndipo onse amayankhidwa ndi simu ina. Pemphani woyandikana naye amene ali pa kampani yomweyo ayese ataima pamalo omwewo. Yake ikagwira, vuto ndi simu yanu kapena akaunti yake: bandulo, kulembetsa, kapena simu yokalamba. Kumeneko n'kopita ku shopu ya kampani ndi chiphaso. Yakenso ikakana, ikani simu ya kampani ina mu maifai. Ichi ndi chomwe maifai yokhomedwa singachite, ndipo kuno kwathu, kumene ambiri amayenda kale ndi simu ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, kuyesaku sikudya ndalama zoposa kabandulo ka tsiku limodzi. Simu yachiwiri ikagwira, zipangizo zanu zonse zili bwino, vuto lili ku kampani yoyamba ija.

Chotsala n'kudziwa ngati ndi nsanja imodzi kapena kampani yonse, ndipo chimenechi simungachidziwe muli pakhomo. Imbirani munthu wa kampani yomweyo amene ali boma lina, wa ku Mzuzu ngati inu muli ku Zomba. Kwawoko ikamagwira, ndi nsanja ya kwanu, ndipo nthawi zambiri zimachitika magetsi akazima nthawi yaitali mpaka mabatire a pansanja kutha. Mudzaona timizere ta netiweki titachepa kapena kusoweratu. Kwawonso ikakana pomwe timizere tili todzaza ndipo kuimba kukutheka, vuto lili mkati mwa kampani, monga chingwe chachikulu chikaduka, ndipo kuzimitsa ndi kuyatsa maifai sikungathandize kanthu.

Simu za makampani onse awiri zikakana pamodzi m'dera limodzi, kumbukirani kuti makampani ena amakhala pa nsanja imodzi, ndiye magetsi akathapo onse amagwa limodzi. Ndipo ngati ndi tsamba limodzi lokha lomwe likukana pa zipangizo zonse ndi simu zonse pomwe ena akutseguka, lafa ndi tsambalo.

Pogula, muuzeni wogulitsa aikemo simu za makampani awiri inu mukuona, zonse zitsegule tsamba. Maifai zina zimagulitsidwa ngati zosakhomedwa koma mukafika kunyumba n'kuikamo simu ina zimapempha nambala yotsegulira.