Sikelo ikuthamanga kuposa minofu: kuchepetsa chakudya, kuyenda pansi, kapena kuyamba mwaonda kaye?

Tiyerekeze ndi munthu amene wakhala akunyamula zitsulo kwa chaka ndi theka, ndipo wayamba kudya mowonjezera kuti amange minofu. Anayamba ali ndi makilogalamu 70. Pakutha pa sabata yachiwiri sikelo inati 71.4, kenako 72.1, 72.8, ndipo pano yafika 73.5. Amadya makalori pafupifupi 3,300 patsiku. Lamba wasuntha bowo limodzi, koma zitsulo zimene amakweza zangowonjezekera pang'ono.

Kilogalamu ndi theka ya masabata awiri oyamba siodetsa nkhawa. Munthu akawonjezera zakudya za sitachi, minofu imasunga shuga wambiri, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imakoka madzi pafupifupi magalamu atatu. Onjezanipo chakudya chimene chikadali m'matumbo, mchere, ndi kreatini ngati akumwa, ufa umene onyamula zitsulo amamwa kuti awonjezere mphamvu, amene payekha amatha kukweza sikelo ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri za madzi. Vuto lili pa masabata atatu otsatirawo: magalamu 700 sabata iliyonse, osaphonya. Madzi sakwera motero kwa nthawi yaitali. Kwa munthu amene si wachiyambi, liwiro loyenera ndi 0.25 mpaka 0.5 peresenti ya kulemera kwake pasabata, ndiye kwa iyeyu ndi magalamu 180 mpaka 370. Thupi lili ndi malire ake pa kamangidwe ka minofu, ndipo chakudya chopyola malirewo chimangosanduka mafuta.

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Tikawerengera mwachidule, magalamu 700 pasabata akusonyeza kuti akudya makalori oposa 700 patsiku pamwamba pa amene thupi lake limagwiritsa ntchito, pamene 300 kapena 350 akanakwanira. Ndiye pali makalori ngati 400 ofunika kuwachotsa. Njira zowachotsera ndi zimene anthu amasiyana maganizo.

Njira yoyamba ndi kuchepetsa chakudya, kuchoka pa 3,300 kufika pa 2,900. Pano nkhani yagona pa chimene muchotse. Mapuloteni musawakhudze: munthu wa makilogalamu 73 afunika magalamu 120 mpaka 160 patsiku, ndipo amenewo ndiwo njerwa zomangira minofu. Kotsala ndi kusankha pakati pa sitachi mbali ino, ndi mafuta ndi zakumwa mbali inayo.

Ambiri amathamangira kudula sitachi chifukwa ndi imene imaoneka yochuluka m'mbale. Kuti muchotse makalori 400 mwanjira imeneyi muyenera kusiya mpunga wophika pafupifupi magalamu 300, ndipo mbale imaoneka yopereweradi. Njala imabwera madzulo, ndipo pa jimu mumamva miyendo kulemera pa seti yachitatu ya masikwati, chifukwa sitachi ndiye nkhuni za maseti olemera. Palinso chinyengo chake: sabata yoyamba sikelo imaima kapena kutsika chifukwa madzi aja atuluka, munthu n'kuganiza kuti wadula kwambiri, n'kubwezera zonse.

Mafuta ndi zakumwa amabisala. Galamu ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi kapena mapuloteni ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori ngati 120, ndipo amene amathira molunjika kuchokera m'botolo kawirikawiri amathira ziwiri kapena zitatu akuganiza kuti ndi imodzi. Chotsani masupuni awiri patsiku ndi kachitini kamodzi ka chakumwa cha shuga ka mamililita 330, mwachotsa kale makalori pafupifupi 380, koma mbale ikuoneka chimodzimodzi ndipo mimba siidandaula. Ngati mumamwa ufa wonenepetsa wosungunula m'madzi kapena mumkaka, yambirani pomwepo, imwani theka la mlingo wake. Chenjezo n'lakuti mafuta asatheretu. Asatsike pansi pa gawo limodzi mwa magawo asanu a makalori onse, amene pa 2,900 ndi magalamu ngati 65. Pa ziwirizi, kudula mafuta ndi zakumwa n'kumene kuli bwino kwa anthu ambiri, ndipo sitachi ya musanapite ndi mukachoka ku jimu ndi imene iyenera kukhudzidwa pomaliza.

Njira yachiwiri ndi kusiya chakudya momwe chilili n'kuwonjezera kuyenda pansi. Imakoma kuimva, makamaka kwa amene amakonda kudya, koma masamu ake ndi ouma. Munthu wa makilogalamu 73 akayenda kilomita imodzi amawotcha makalori osakwana 40 pamwamba pa amene akanawotcha atangokhala. Kuti afike pa 400 ayenera kuyenda makilomita 10 kapena kuposa tsiku lililonse, maola awiri athunthu. Mawotchi owerenga makalori nthawi zambiri amakokomeza, ndipo kuyenda kwambiri kumadzutsa njala, moti zimene mwawotcha m'mawa mumazibwezera pa chakudya chamadzulo osazindikira. Kuthamanga kumafupikitsa nthawi, koma kumadya mphamvu za miyendo imene ikufunika kuchira ku zitsulo. Kuyenda kumathandiza ngati wokankhira chabe: makilomita atatu patsiku achotsa makalori ngati 100, ndipo mtima nawo umapindula.

Njira yachitatu ndi kuimitsa kaye kumanga, n'kuonda kwa masabata atatu kapena anayi. Mnzathu uja angatsike kufika pa makalori ngati 2,100, mapuloteni ali pamwamba, zitsulo zili zolemera monga kale, n'kumataya theka la kilogalamu pasabata. Njira imeneyi ndi yokhayo imene imachotsa mafuta amene alowa kale. Ziwiri zija zimangochepetsa amene akubwera. Mtengo wake ndi mwezi wathunthu umene minofu siikula kwenikweni. Kwa munthu amene wapyola ndi kilogalamu imodzi yokha ya mafuta, kumeneko n'kuwotcha nyumba chifukwa cha khoswe. Choipa kwambiri n'chakuti ngati sanapeze komwe makalori owonjezera ankachokera, akamaliza amabwerera pa 3,300 pomwe paja, n'kumangozungulira, mwezi uno wanenepa, wamawa waonda, chaka n'kutha mikono ili momwemo. Njira imeneyi imayenera amene wakhala akupyola kwa miyezi itatu kapena inayi, mimba yakula ndi masentimita asanu kapena kuposa, ndipo akuona kuti kupitiriza kudya mowonjezera sikukumusangalatsanso.

Kwa munthu wa mu chitsanzo chathu, ndingasankhe kuchotsa makalori 300 m'mafuta ndi zakumwa, n'kuwonjezera makilomita atatu oyenda. Akatero asasinthenso kanthu kwa masabata awiri. Adziyeze m'mawa uliwonse atachoka kuchimbudzi, asanadye kapena kumwa, alembe, ndipo pakutha pa sabata aphatikize manambala asanu ndi awiriwo n'kugawa ndi 7. Nambala ya tsiku limodzi imatha kusuntha ndi kilogalamu yathunthu chifukwa cha chakudya chamchere cha dzulo, ndipo kwa akazi madzi amachuluka m'thupi kusamba kukayandikira, ndiye iwo ayerekeze sabata zofanana za miyezi iwiri. Kamodzi pasabata ayeze mimba ndi tepi pamchombo, atapumira kunja koma osakokera mimba mkati.

Ngati sikelo ikukwera ndi magalamu 200 mpaka 350, mimba siikusuntha kwenikweni, ndipo maulendo okweza chitsulo akuwonjezekera, asiye zinthu momwemo. Ngati ikadali pamwamba pa magalamu 500, achotsenso makalori 150. Ikaima njii kwa masabata awiri ndipo zitsulo zayamba kulemera, wadula kwambiri, abwezere makalori 100 kapena 150, ndipo akhale a sitachi, pa chakudya cha asanapite ku jimu.